Kalata yofotokozera manejala chifukwa chimene mtedza wadyera ndalama zambiri

Funso: "Ndine akauntanti pa fakitale yopanga chiponde. Mwezi wa Febuluwale, valiyansi ya zipangizo, kutanthauza kusiyana kwa ndalama zimene mtedza unayenera kutidyera ndi zimene watidyeradi, yatuluka yoipa ndi K20,400,000. Manejala akufuna kalata yofotokoza chimene chachitika. Tinayenera kugwiritsa ntchito makilogalamu 1.25 a mtedza pa kilogalamu iliyonse ya chiponde, pa mtengo wa K2,000. Tapanga chiponde makilogalamu 40,000, tagwiritsa ntchito mtedza makilogalamu 56,000, ndipo watidyera K120,400,000. Ndilembe bwanji?"

Musanagwire cholembera, nambala yanuyo muigawe pawiri, chifukwa muli nkhani ziwiri zosiyana m'menemo. Ina ndi ya mtengo umene munagulira mtedza, ina ndi ya kuchuluka kwa mtedza umene unalowa m'makina. Manejala akalandira nambala imodzi yokha, amangothamangira kukakalipira anyamata a pamakina, pamene mwina vuto linayambira ku ofesi yogula katundu.

Yambani ndi mtedza umene unayenera kutha. Apa ambiri amalakwa poyerekeza ndi bajeti yakumayambiriro kwa mwezi. Yerekezani ndi chiponde chimene mwapangadi: makilogalamu 40,000 kuchulukitsa ndi 1.25 akupereka makilogalamu 50,000, omwe pa K2,000 ndi K100,000,000. Mtengo weniweni wa kilogalamu imodzi ndi K120,400,000 kugawa ndi 56,000, kutanthauza K2,150.

```
Mtengo: (2,150 - 2,000) x 56,000 = 8,400,000
Kagwiritsidwe: (56,000 - 50,000) x 2,000 = 12,000,000
```

Ziwirizi mukaziphatikiza zikubwezerani K20,400,000 yanu ija. Onani kuti makilogalamu 6,000 owonjezerawo tawawerengera pa K2,000, osati pa K2,150. Timatero kuti a pamakina asasenze mlandu wa mtengo, poti si iwo amene anagula mtedzawo.

Chotsatira ndi kutsimikiza kuti manambalawo ndi oona. Pitani kosungira katundu mukaone ngati kuwerenga matumba kwa kumapeto kwa mwezi kunachitika bwino. Matumba 40 a makilogalamu 50 atatulutsidwa pa 28 Febuluwale koma n'kukazingidwa pa 1 Malichi, mabuku amaonetsa ngati makilogalamu 2,000 asowa, chonsecho ali pafupi ndi makina. Onaninso ngati invoisi ina sinalowe kawiri, komanso ngati mtengo wa K2,000 uja unaphatikiza kale mayendedwe. Kalata yolembedwa pa manambala olakwika imavuta kuibweza ikafika kale pa tebulo la bwana.

Zifukwa zenizeni simuzipeza m'kompyuta. Muzipeza m'makalata olandirira katundu, m'buku la oyeza chinyezi, m'buku la osankha mtedza ndi la amakaniko. Poti simunandiuze zimene zili m'mabukuwo, ndiyerekeza zimene zimachitika kawirikawiri m'miyezi ya njala, mtedza wa chaka chatha ukayamba kusowa. Inu musinthe manambala malinga ndi zimene mupeze.

Kwa: Manejala wa Fakitale
Kuchokera kwa: Akauntanti wa Fakitale
Mutu: Kukwera kwa ndalama za mtedza, Febuluwale

Bwana,

Mwezi wa Febuluwale mtedza unatidyera K120,400,000 m'malo mwa K100,000,000 imene muyezo wathu umalola pa chiponde cha makilogalamu 40,000. Pa K20,400,000 yopitirirayo, K18,400,000 yachokera pa chinthu chimodzi: mtedza wa makilogalamu 30,000 umene tinagula mwadzidzidzi kwa mavenda.

Gulu la alimi limene tili nalo pa mgwirizano linatibweretsera makilogalamu 26,000 okha pa mtengo wa K2,000. Kuti makina asaime, ofesi yogula katundu inagula otsalawo pa K2,280. K280 yowonjezera pa kilogalamu iliyonse yatipatsa kusiyana kwa K8,400,000.

Mtedza womwewo sunali wabwino. Osankha anataya makilogalamu 3,500 kuposa amene timataya nthawi zonse, chifukwa cha chuku, miyala ndi mtedza wofwapa, ndipo zimenezi ndi K7,000,000. Chinyezi chake chinali 12 pa 100 m'malo mwa 7 pa 100, choncho pafupifupi makilogalamu 1,500 anali madzi amene anauluka pokazinga, omwe ndi K3,000,000.

Pa K2,000,000 yotsala, K1,200,000 ndi ya makilogalamu 600 amene anapserera tsiku limene choyezera kutentha cha makina okazingira chinafa. Makilogalamu 400, a K800,000, sindinawapezebe. Ndapempha kuti masikelo a polandirira katundu ayesedwe, ndipo ndikupatsani yankho sabata yamawa.

Ndikupempha kuti mtedza wonse uziyezedwa chinyezi tisanaulandire, kuti wopitirira muyezo uzibwezedwa kapena kudulidwa mtengo, ndiponso kuti tikambirane za kugula wokwanira nthawi yokolola. Mapepala onse a umboni ndawaphatikiza.

Ine wanu,
Akauntanti wa Fakitale

Ndime yoyamba ya kalatayi ndiyo imene manejala wotanganidwa awerenge mpaka kumapeto, n'chifukwa chake nambala yonse ndi gwero lake lalikulu zili pomwepo. Mfundo zina zikutsatana kuyambira ya ndalama zambiri kutsikira pansi. Mulibe dzina la munthu aliyense. Mukalemba kuti a uje anagula mtedza woola, kalata imasanduka mlandu, ndipo mwezi wamawa palibe amene adzakuonetseni buku lake. Komanso amene anagulayo mwina anapulumutsa fakitale, popeza makina kuima masabata awiri kukanadya ndalama zoposa pamenepa. Ngati mungathe kuwerengera ndalama zimenezo, ikanimo chiganizo chimodzi.

Nkhani ya chinyezi ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa imakulumani kawiri. Ena amawaza madzi mtedza kuti makoko afewe posenda, ena kuti ulemere pa sikelo. Madziwo mumawalipira pa mtengo wa mtedza. Kenako mtedza wonyowa ukakhala m'thumba umachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa afulatokisini, amene kukazinga sikumuchotsa yense. Choncho osankha akataya wambiri, musalembe ngati kuti anawononga. Anachita ntchito yawo, ndipo chiponde chikanalephera mayeso a bungwe loona za miyezo ya katundu, chitayiko chikanakula kwambiri. Chizindikiro choti vuto ndi mtedza osati antchito n'chosavuta kuchiona: siyanitsani masiku amene munakazinga wa alimi ndi masiku a wa mavenda. Ngati pa masiku a wa alimi makilogalamu 1.25 ankatulutsabe kilogalamu imodzi ya chiponde, a pamakina alibe mlandu.

Pa makilogalamu 400 osadziwika aja, musayese kuwabisa m'chinyezi kuti tebulo lioneke loyera, ndipo musalembe mawu akuti kuba popanda umboni. Nenani kuti simunawapeze, chimene mukuchita, ndi tsiku limene mubweretse yankho.

Chomaliza choti muganizire ndi muyezo wa K2,000 womwewo. Ngati unaikidwa mu Juni, mtedza uli mbwee pamsika, ndiye kuti Febuluwale aliyense uzikupatsani kusiyana koipa ngakhale ogula atachita khama lotani. Funsani mtengo umene unali pamsika sabata imene anagula. Ukakhala kuti unali K2,250, ndiye kuti pa K280 ija, K250 ndi ya msika ndipo K30 yokha ndi imene ofesi yogula ingafunsidwe. Pa makilogalamu 30,000, imeneyo ndi K7,500,000 ya muyezo wachikale ndi K900,000 ya kagulidwe. Zikatero onjezani ndime yopempha kuti mtengo wa muyezo uziunikidwanso pa miyezi itatu iliyonse, kapena kuti pakhale mtengo wina wa nthawi yokolola ndi wina wa miyezi ya njala.