Mwana wabinya kakolo pa mpira: timuthowe kapena tipite kuchipatala?

"Mnyamata wanga wa zaka 11 anapotokola phazi dzulo pa mpira. Kakolo watupa chakunjaku ndipo akukana kuponda. Agogo ake akuti wangobinya, timuthowe ndi madzi otentha n'kumukoka. Nditani?"

Mayi, chonde musamukoke, ndipo lero lomwe mupite naye kuchipatala. Kwa mwana wa msinkhu umenewu, chimene timati kubinya chikhoza kukhala kuthyoka.

Mafupa aatali a mwana amakulira kumapeto. Pafupi ndi mfundo pamakhala kachigawo kofewa ka chichereŵechereŵe, ndipo m'pamene fupa limatalikira. Kwa anyamata kamauma n'kusanduka fupa pa zaka 15 mpaka 17, kwa atsikana pa zaka 13 mpaka 15. Kasanaume, malo amenewa amakhala ofooka kuposa minyewa yomanga mfundo. Ndiye phazi la munthu wamkulu likapotokoka, imene imang'ambika ndi minyewa, koma kwa mwana fupa likhoza kutsetsereka kapena kung'aluka pofewa paja.

Mungathe kuona nokha musananyamuke. Pezani kafupa kotumphuka kakunja kwa kakolo, mudinikize pang'ono ndi chala pafupa penipenipo, pamwamba pang'ono pa nsonga yake. Akalumpha ndi ululu pamenepo kuposa pofewa pa m'munsi ndi kutsogolo kwake, kapena akalephera kuyenda masitepe 4, mutengeni ngati wathyoka mpaka adokotala atanena zina. Phazi likaoneka lokhota, zala zikazizira, kuchita dzanzi kapena kusintha mtundu, musadikirenso n'komwe.

Pakadali pano asaponde. Phazilo likhale pa pilo, madzi oundana okulunga m'kansalu muikepo mphindi 15 mpaka 20, ndipo mumupatse panado pa mlingo wa ana. Madzi otentha masiku oyambawa amangowonjezera kutupa. Kukoka ndiye kumandiopsa kwambiri, chifukwa kungasunthe fupa pamalo pomwe likukulira, ndipo pakawonongeka mwendo ungakule mokhota kapena kufupikirapo. Agogo akunena mwachikondi, afotokozereni bwino zimenezi.

Kuchipatala musadabwe ekisileyi ikatuluka yooneka bwinobwino koma n'kumuikabe chikhakha. Kachigawo kofewa kaja sikaoneka ngati fupa pa chithunzi, choncho adokotala amadaliranso pamene pakupweteka. Ngati ndi kafupa kakunjaka ndipo sikanasunthe, amamanga masabata 3 kapena 4 ndipo kawirikawiri kamapola popanda vuto. Likakhala fupa lalikulu lamkati nkhani imakula: chikhakha chimakhalitsa, ndipo amamuyezabe kwa miyezi ingapo kuti aone ngati mwendo ukukula mowongoka. Fupa losuntha limafunika kubwezeretsedwa m'masiku oyambirira, chifukwa la mwana limagwirana msanga ndipo pakatha sabata kulibweza kumavuta.

Ku mpira abwerere akamayenda, kuthamanga ndi kudumpha ndi mwendo umenewo osatsimphina, ngakhale anzake azimuitana pakhomo tsiku lililonse.