Amokisisilini akutha oda isanafike: ndikulakwitsa pati?

"Ndine namwino pa kachipatala ka mishoni kumudzi, ndipo andipatsanso ntchito yoyang'anira mankhwala. Ndimaoda potengera zomwe tagwiritsa ntchito miyezi itatu yapitayo, koma amokisisilini amatithera oda ina isanafike. Ndikulakwitsa pati? Nanga bajeti ya chaka ndiwerengere bwanji?"

Achemwali, tengani sitoko khadi ya amokisisiliniyo muwerenge masiku onse amene munalemba ziro. Ndikuganiza kuti vuto lagona pamenepo. Khadi imangoonetsa zomwe munapereka, siionetsa odwala amene munawalembera kuti akagule ku famase chifukwa shelefu inali pululu. Mukaoda potengera nambala imeneyo, ndiye kuti mukuoda zoperewera dala, ndipo adzakutheraninso.

Tiyerekeze kuti m'masiku 90 munapereka makapisozi 7,200. Mukagawa ndi miyezi itatu mupeza 2,400 pa mwezi. Koma ngati pa masiku 18 munalibe ngakhale kapisozi mmodzi, ndiye kuti 7,200 aja anatha m'masiku 72 okha. Kutanthauza kuti odwala anu amafuna makapisozi 100 pa tsiku, kapena 3,000 pa mwezi. Mwezi uliwonse mwakhala mukuperewera ndi 600, ndipo pa chaka ndi matini oposa asanu ndi awiri a makapisozi 1,000. Nambala yoti muzigwira ndi 3,000 imeneyi.

Chachiwiri ndi nthawi yodikira katundu, ndipo apa ndi pomwe ambiri timadzinamiza. Ogulitsa akakuuzani kuti katundu amafika pa sabata imodzi, iwo akuwerenga kuyambira tsiku lomwe alandira ndalama. Inu muziwerenga kuyambira tsiku lomwe mwalemba oda mpaka tsiku lomwe tini yakhala pa shelefu. Komwe ndinkagwira ntchito ine, pepala linkagona masiku khumi kudikira osaina cheke, masiku asanu ndi awiri kwa ogulitsa, kenako masiku anayi kudikira galimoto yopita kutauni. Onse pamodzi 21. Musaganizire chabe, onani madeti a maoda atatu kapena anayi apitawo, ndipo ngati akusiyana kwambiri tsamirani ku otalikawo.

M'masiku 21 amenewo odwala sasiya kubwera, mudzapereka makapisozi 2,100. Onjezerani ena osungira ngozi, monga mlatho kukokoloka m'dzinja kapena ogulitsa kukhala alibe katundu. Ine ndimaika a masiku 15, omwe ndi 1,500. Mukaphatikiza zikukwana 3,600. Lembani nambala imeneyi ndi cholembera chofiira pamwamba pa khadi. Tsiku lomwe otsala afika 3,600 ndi tsiku lolemba oda, ngakhale shelefu ikuoneka ngati ikadali yodzaza.

Muode angati? Ngati mumagula a miyezi iwiri nthawi imodzi, ndi 6,000, matini asanu ndi limodzi. Koma mukachedwa n'kupeza kuti atsala 2,000 okha, muwonjezere 1,600 amene aperewera pa mzere wofiira uja, zikhale 7,600, ndiye muode matini asanu ndi atatu. Ngati pali oda ina imene ili m'njira, ichotsereni. Ndipo musanalembe, lowani mu sitolo muwerenge ndi manja. Khadi ikamati 3,600 pomwe pa shelefu pali 2,900, kapena tini imodzi itha mphamvu mwezi wamawa, masamu onsewa agwa.

Bajeti ya chaka imachokera pa 3,000 yomwe ija: makapisozi 36,000, matini 36. Chaka choyamba muwonjezerepo matini awiri a ngozi aja, poti simunakhalepo nawo. Mtengo mutenge wa pa invoisi yomaliza, osati wa chaka chatha, ndipo musiye mpata woti ukhoza kukwera. Mankhwala ambiri amachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabajeti amene analembedwa kale sanagulenso matini omwe anawerengeredwa. Ndalama ya mayendedwe ikhalenso ndi mzere wakewake.

Chenjezo limodzi: njira ya miyezi itatu yapitayi musaigwiritse ntchito pa LA ndi zoyezera malungo. Mukaoda mu Disembala potengera Seputembala mpaka Novembala, Januwale adzakupezani muli manja lende, chifukwa malungo amachuluka mvula ikakhazikika. Pa zimenezo tsegulani kaundula wa chaka chatha muone Januwale mpaka Epulo, muchotsenso masiku amene zinatha.

Simungachite masamuwa pa chilichonse lero lomwe. Yambani ndi zinthu khumi zimene zimadya ndalama zambiri kapena zimene wodwala angafe zikasowa, monga okisitosini, madzi a diripi ndi magolovesi. Mukandilembera pano zomwe munapereka, masiku a ziro ndi madeti a maoda anu, tiwerengera limodzi.