Ntchito yosanthula deta: tsiku limayenda bwanji, nanga poyambira ndi pati?

"Ndinamaliza maphunziro a zowerengera ndalama ndipo ndikuona malonda a ntchito ofuna anthu osanthula deta. Kodi anthuwa amapanga chiyani tsiku lonse, nanga ndiyambe ndi Python monga anzanga akunenera?"

Achemwali, gawo lalikulu la tsiku limathera pa kukonza manambala amene ena analemba mosasamala, ndipo zithunzi zokongola za m'malipoti zija zimabwera kumapeto penipeni, nthawi zina pa ola lomaliza. Tiyerekeze kuti mukugwira ntchito pa kampani yogulitsa mbewu ndi feteleza yomwe ili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo m'mawa wina mu Epulo abwana akufunsani chifukwa chimene malonda a ku Mzuzu agwera ndi theka m'mwezi wa Malichi.

Musanayankhe, mumayamba mwatsimikiza ngati agwadi. Mumatsegula fayilo ya malonda mu Excel, mizere 4,000 mwachitsanzo, ndi kupanga PivotTable yophatikiza ndalama za nthambi iliyonse. Mukaona Mzuzu atatuluka kawiri, dziwani kuti wina analemba dzinalo ndi kampata kumapeto, kamene maso saona koma kompyuta imakawerenga ngati chilembo. Mankhwala ake ndi `=TRIM(B2)`, ndipo ili ndi vuto laling'ono.

Lalikulu limakhala pa masiku. Kuno timayamba ndi tsiku kenako mwezi, pamene kompyuta yochunidwa mwa chimereka imayamba ndi mwezi. Ngati mmodzi mwa ogulitsa awiri a ku Mzuzu analandira kompyuta yotere kumayambiriro kwa Malichi, polemba 05/03/2024 iyo inasunga 3 Meyi, ndipo polemba 12/03/2024 inasunga 3 Disembala. Kuyambira pa 13 zinthu zinaipa mwa mtundu wina, pakuti kulibe mwezi wa nambala 13, choncho kompyuta inangosunga zolembedwazo ngati mawu wamba, ndipo pophatikiza za mwezi mizere imeneyi imatsala kunja. Zizindikiro zake ndi ziwiri: mumapeza malonda a Disembala pamene muli mu Epulo, ndiponso masiku ena amatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene masiku enieni amatsamira kumanja. Mukalemba `=ISNUMBER(A2)` n'kutuluka FALSE, ndiye kuti pamenepo palibe tsiku limene kompyuta ikulizindikira.

Mukakonza, musathamangire kwa abwana. Yerekezani chiwerengero chanu ndi chimene a ku ofesi yowerengera ndalama ali nacho, ndiponso imbirani foni ku Mzuzu kuti mumve ngati kompyuta inasinthidwadi. Apa maphunziro anu akupatsani mwayi kuposa ambiri, chifukwa munazolowera kale kusakhulupirira nambala imene sikugwirizana ndi malisiti. Lipoti lake likhoza kukhala ziganizo zitatu zokha: malonda sanagwe, cholakwika chinali pa kalembedwe ka masiku, ndipo kompyuta ija ichunidwe sabata ino.

Pa za Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndikusiyana maganizo ndi anzanuwo. Ndaonapo anthu atatha miyezi akuloweza malamulo a Python koma osatha kuzindikira mzere wolembedwa kawiri, ndipo munthu wotere amangolakwitsa mofulumira kuposa kale. Yambani ndi Excel mpaka PivotTable, `SUMIFS` yophatikizira manambala mosankha ndi `XLOOKUP` yofufuzira deta m'mizere zitakulowani m'manja (ngati Excel wanu ndi wakale, mupezamo `VLOOKUP` m'malo mwake). Mukatero phunzirani SQL, chilankhulo chofunsira mafunso ku nkhokwe za deta, chifukwa tsamba limodzi la Excel limathera pa mizere 1,048,576 ndipo makampani akuluakulu sasunga malonda awo m'mafayilo otumizirana. Funso la abwana lija mu SQL limaoneka chonchi:

```sql
SELECT nthambi, SUM(ndalama)
FROM malonda
WHERE tsiku >= '2024-03-01' AND tsiku < '2024-04-01'
GROUP BY nthambi;
```

Power BI, yojambulira malipoti, ibwere pambuyo pa izi, ndipo Python mudzaifuna tsiku limene mudzatope ndi kukonza fayilo yofanana Lolemba lililonse.

Pophunzira, pewani mafayilo oyera kale amene amabwera ndi maphunziro a pa intaneti, chifukwa sakuphunzitsani kukayikira. Pemphani kaundula wa banki m'khonde kapena wa sitolo ya wachibale, mufufute mayina a anthu musanayambe, ndipo mudzifunse funso limodzi lokha, monga mwezi umene ngongole zimachedwa kwambiri kubwezedwa. Mukafuna manambala a dziko lonse, tengani zotsatira za kalembera wa 2018 zochokera ku ofesi ya boma yowerengera anthu ku Zomba, mulowetse chiwerengero cha dera lililonse mu Excel, ndipo muone ngati pophatikiza mufika pa anthu 17,563,749 amene analengezedwa. Mukapanda kufikapo, fufuzani mzere umene mwausiya kapena mwauwerenga kawiri.