Tanthauzo la λ₂ pa matirikisi ya Lapulasi

"Ndawerengetsa maaigenivalyu a matirikisi ya Lapulasi ya girafu yanga, woyamba watuluka 0, wachiwiri 0.44. Kodi wachiwiriyu akundiuza chiyani za kulumikizana kwa girafuyo?"

Ziro woyambayo asakudetseni nkhawa, chifukwa amatuluka pa girafu iliyonse. Matirikisiyi ndi L = D − A, pamene D imasunga chiwerengero cha mizere imene yafika pa dontho lililonse, ndipo A imasonyeza madontho amene alumikizidwa. Mukapatsa dontho lililonse nambala yake, n'kuzisonkhanitsa nambalazo mu vekitala x, mupeza kuti xᵀLx = Σ(xᵢ − xⱼ)², ndipo kuphatikizako kumachitika pa mizere yokha ya girafuyo. Choncho L imayeza kusiyana kwa madontho oyandikana. Madontho onse akakhala ndi nambala imodzimodzi, kusiyana palibe, ndiye kumene kumachokera ziro woyamba uja. Girafu ikakhala yodukana m'zigawo ziwiri, mukhoza kupatsa chigawo china 1, china 0, popanda mzere uliwonse woona kusiyanako, ndipo ziro amatulukanso kachiwiri. N'chifukwa chake chiwerengero cha maziro chimafanana ndi chiwerengero cha zigawo, ndipo λ₂, aigenivalyu wachiwiri uja, ikaposa ziro, monga yanuyi, girafuyo ndi yolumikizana yonse.

Koma chimene Miroslav Fiedler, katswiri wa masamu wa ku Czechoslovakia, anaonetsa mu 1973 n'chakuti kukula kwa λ₂ nakonso kuli ndi tanthauzo. Nambalayi ndi mtengo wochepetsetsa wa xᵀLx / xᵀx pakati pa mavekitala onse amene nambala zake zikaphatikizidwa zimapereka ziro. Lamulo limeneli limakakamiza kuti madontho ena akhale pamwamba pa ziro, ena pansi, ndipo funso limakhala lakuti kugawa koteroko kungatheke motchipa bwanji.

Tengani makonatatu awiri, wina wa madontho 1, 2, 3, wina wa 4, 5, 6, olumikizidwa ndi mzere umodzi wokha kuchokera pa 3 kufika pa 4. Poyamba yesani x = (1, 1, 1, −1, −1, −1). Mzere wa pakati wokha ndiwo ukuona kusiyana, ndipo ukupereka 2² = 4, pamene xᵀx = 6, kotero tadziwa kale kuti λ₂ siingapose 0.667. Kuti tipeze yeniyeni, tilole madontho 3 ndi 4 ayandikire ku ziro, tilembe x = (a, a, b, −b, −a, −a). Tikagwiritsa ntchito Lx = λx, pa dontho 1 tikupeza a − b = λa, ndipo pa dontho 3, lomwe lili ndi mizere 3, tikupeza 4b − 2a = λb. Ziwirizi zikaphatikizidwa zimapereka λ² − 5λ + 2 = 0, motero λ₂ = (5 − √17)/2, yomwe ndi pafupifupi 0.438, ndipo b ndi pafupifupi 0.56a. Taonani zizindikiro za vekitalayo: madontho 1, 2, 3 ali mbali imodzi, 4, 5, 6 mbali inayo, ndipo chizindikiro chasintha pa mzere wofooka uja. Ineyo ndimaona kuti vekitala wa Fiedler ameneyu ndi wothandiza kuposa nambala yeniyeniyo, chifukwa amaloza pamene girafu ingaduke. Mukawonjezera mzere wachiwiri kuchokera pa 2 kufika pa 5, λ₂ imakwera kufika pa 1, ndipo wachitatu, wa 1 ndi 6, umaifikitsa pa 2. Madontho 6 onsewo atalumikizana lililonse ndi linzake, ikanakhala 6.

Pamene ambiri amasokonezeka m'pakuganiza kuti λ₂ imawerenga mizere imene muyenera kudula. Sichoncho ayi. Madontho 6 ondandalikana ngati mikanda pa ulusi nawonso amadukana mukachotsa mzere umodzi, koma λ₂ yake ndi 2 − 2cos(π/6), pafupifupi 0.268, ndipo akakhala madontho 100 imatsika kufika pafupifupi 0.001, ngakhale kuti wodula ukadali mzere umodzi womwewo. Kutalika kwa girafu kumaitsitsa monga mmene kuchepa kwa mizere ya pakati kumachitira. Chotsimikizika n'chakuti, kupatula girafu imene dontho lililonse lalumikizana ndi ena onse, λ₂ siiposa chiwerengero cha madontho ofunika kuchotsa kuti girafu idukane. Pa chifukwa chimenechi, 0.44 yanuyo muziiyerekeza ndi magirafu a madontho ochuluka mofanana ndi yanu.

Pomaliza, ngati mukuwerengetsa pa kompyuta, gwiritsani ntchito `numpy.linalg.eigvalsh`, imene imasanja maaigenivalyu kuyambira waung'ono, osati `eigvals`, yomwe siilonjeza kuwasanja. Mukadzaona λ₂ ngati `2e-16`, dziwani kuti ameneyo ndi ziro amene wasokonekera pang'ono powerengetsa, ndipo girafuyo ndi yodukana.