Chidima m'maso poimirira: kodi ndi madzi, mankhwala kapena mtima?

"Amayi anga ali ndi zaka 64 ndipo amamwa mankhwala a bipi. Masiku ano akangodzuka pamkeka amaona chidima m'maso, ndipo sabata yatha anagwa usiku akupita kuchimbudzi, koma anatsitsimuka msanga. Achibale akuti atha magazi, ena akuti asiye mankhwalawo. Tichite bwanji?"

Achemwali, amayi asasiye mankhwala paokha, koma musadikirenso tsiku lomwe anawalembera kuchipatala. Apite sabata ino, atanyamula buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo ogula pagolosale ndi azitsamba. Kugwa kwa munthu wa msinkhu umenewu si kwamasewera, chifukwa ngakhale chimene chamugwetsa chitakhala chaching'ono, fupa la m'chiuno likhoza kuthyoka kapena mutu kumenyeka pasimenti.

Munthu akagona, magazi amakhala ofalikira mofanana m'thupi lonse. Akaimirira, magazi okwana pafupifupi theka la lita, nthawi zina mpaka lita yathunthu, amatsikira m'mitsempha ya m'miyendo ndi m'mimba, choncho obwerera kumtima amachepa ndipo mphamvu yowakankhira kuubongo imatsika. Thupi lili ndi njira yokonzera zimenezi. M'mitsempha ikuluikulu ya m'khosi ndi ya pafupi ndi mtima muli timinyewa tomwe timamva kuti bipi yatsika, ndipo m'masekondi ochepa timachititsa mtima kugunda mofulumirirapo komanso mitsempha ya m'miyendo kufinyika. Kukonza kumeneku kukachedwa kapena kukaperewera, ubongo umalandira magazi ochepa kwa kanthawi, maso amachita chidima, makutu amalira, miyendo imalefuka, ndipo zikapitirira munthu amakomoka. Akagwa pansi mutu umakhala pamlingo umodzi ndi mtima, magazi amabwerera kuubongo, n'chifukwa chake amatsitsimuka msanga monga anachitira amayi anu.

Wachinyamata wathanzi amene wanjuta nthawi yaitali n'kudzambatuka akhoza kuona chidima chomwe chimatha pasanathe theka la mphindi, ndipo zimenezi sizodetsa nkhawa. Palinso chizungulire cha mtundu wina, pomwe nyumba imaoneka ngati ikuzungulira munthu akatembenuza mutu ngakhale ali chigonere pabedi. Chimenecho nthawi zambiri chimachokera mkati mwa khutu ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Mufunse amayi kuti mwa ziwirizi akumva chiti, chifukwa dokotala adzayambira pamenepo.

Chinthu chofunika kwambiri n'chakuti vutoli limayezeka, ndipo kuyeza kwake sikulira zambiri. Kuchipatala munthu amayezedwa bipi atakhala pabenchi, ndipo nambala yotuluka pamenepo siuza aliyense zomwe zimachitika akaimirira. Pemphani namwino kuti awayeze atagona ndiponso ataimirira, kapena yezani nokha ngati muli ndi makina kunyumba. Amayi agone chagada kwa mphindi zisanu, muyeze bipi ndi kugunda kwa mtima, kenaka aimirire wina atawagwirizira, muyezenso pakatha mphindi imodzi ndiponso pakatha mphindi zitatu. Nthawi yabwino ndi m'mawa, pamene vutoli limakula. Madokotala amati bipi ikutsika poimirira ngati nambala ya pamwamba yatsika ndi 20 kapena kuposerapo, kapena ya pansi yatsika ndi 10 kapena kuposerapo, mkati mwa mphindi zitatuzo.

Tiyerekeze kuti atagona makina aonetsa 150/85 ndipo mtima ukugunda ka 72 pamphindi, koma ataimirira mphindi imodzi aonetsa 122/78 ndipo mtima ukugunda ka 92. Nambala ya pamwamba yatsika ndi 28, ndiye vutolo latsimikizika, ngakhale kuti 122/78 payokha ikuoneka ngati bipi yabwino. Kugunda kwa mtima nako kuli ndi uthenga wake. Pano kwakwera ndi 20, kusonyeza kuti timinyewa tija tikugwira ntchito ndipo mtima ukuyesetsa, koma madzi m'mitsempha ndi ochepa kapena mankhwala akuletsa mitsempha kufinyika. Bipi ikanatsika chimodzimodzi koma mtima n'kungochoka pa 72 kufika pa 75, dokotala akanaganizira zoti minyewa yeniyeniyo yafooka, zomwe zimachitika kwa amene akhala ndi matenda a shuga zaka zambiri, kapena kuti munthuyo akumwa mankhwala ochedwetsa mtima monga atenololo ndi puropuranololo. Lembani manambalawa papepala kwa masiku awiri kapena atatu mupite nawo.

Kwa munthu ngati amayi anu, ine ndingayambe kukayikira mankhwala ndi madzi, zinthu ziwiri zomwe kawirikawiri zimayendera limodzi. Ambiri odwala bipi kuno amapatsidwa mankhwala amene m'buku amalembedwa kuti HCT, omwe amagwira ntchito pochotsa mchere ndi madzi kudzera mumkodzo, ndipo Lasikisi amachita zomwezo mwamphamvu kwambiri. Ena monga amulodipini, nifedipini ndi enalapuriro amamasula mitsempha. Mlingo umene unali woyenera mu Juni ukhoza kukhala wochuluka mu Okutobala, pamene munthu akutuluka thukuta tsiku lonse kumunda, kapena atatsegula m'mimba masiku awiri, kapena atadwala malungo n'kusiya kudya. Amitiriputilini, amene amaperekedwa kwa omva kutentha kapena dzanzi kumapazi, amatsitsanso bipi poimirira, ndipo poti amamwedwa pogona, akhoza kugwetsa munthu usiku. Mowa umachita zomwezo. Dokotala akhoza kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu kapena kusuntha nthawi yomwera. Kusiya mankhwala onse mwadzidzidzi kumakweza bipi n'kuika munthu pachiopsezo cha sitiroko.

Okalamba samva ludzu msanga, ndipo ambiri amachepetsa dala kumwa madzi pofuna kupewa kudzuka usiku, makamaka chimbudzi chikakhala panja. Munthu wamkulu amafunika kumwa pafupifupi lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri patsiku, kapena kuti makapu asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, ndi kuposerapo nyengo yotentha. Thobwa, tiyi ndi phala lamadzimadzi zimawerengedwa nawo. Njira yosavuta ndi kudzaza botolo la malita awiri m'mawa n'kuona kuti lambiri latha dzuwa lisanalowe, kuti usiku asavutike. Mkodzo ndiwo umanena zoona: ukakhala woyererako madzi akukwanira, ukakhala wochepa, wachikasu kwambiri ndi wa fungo lamphamvu, thupi lauma. Kumwa makapu awiri a madzi nthawi imodzi asanadzuke m'mawa kumakweza bipi pang'ono kwa pafupifupi ola limodzi, ndipo kumathandiza ambiri kudutsa nthawi yovutayo. Akatsegula m'mimba kapena kusanza, madzi okha sakwanira, pamafunika Thanzi wosungunulidwa paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Koma malangizo owonjezera mchere m'zakudya, omwe amaperekedwa kwa achinyamata a bipi yotsika, si a amayi anu. Ndipo ngati anauzidwapo kuti mtima kapena impso zawo n'zofooka, kapena miyendo imatupa, mlingo wa madzi aunene dokotala.

Za kutha magazi, achibale sakulakwa kotheratu, chifukwa kuchepa kwa magazi kumabweretsadi chizungulire, kutopa ndi befu. Koma zimenezi sizidziwika ndi maso ndipo sizichiritsidwa ndi zakumwa zofiira za m'botolo, monga ambiri amakhulupirira. Zimadziwika poyeza magazi, ndipo mayi amene anasiya kusamba akapezeka kuti magazi achepa, funso lotsatira ndi lakuti akutayikira kuti. Bulufeni, dayikulofenaki ndi asipirini, omwe okalamba amamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mawondo ndi msana, akhoza kuyambitsa zilonda zotulutsa magazi m'mimba, ndipo chizindikiro chake ndi chimbudzi chakuda bii ngati phula. Zikaoneka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kukomoka koopsa kumadziwika makamaka ndi mmene kwachitikira. Munthu amene wakomoka atangoimirira, atayamba wamva chidima kapena nseru, n'kutsitsimuka pasanathe mphindi imodzi akudziwa kumene ali, nthawi zambiri alibe vuto la mtima. Amene wagwa mwadzidzidzi popanda chenjezo lililonse, kapena wakomoka atakhala kapena atagona, kapena ali mkati mogwira ntchito yolemetsa monga kulima kapena kukwera chitunda, ayenera kuonedwa msanga, chifukwa zoterezi zimaloza kumtima wogunda mosalongosoka kapena wotsekeka penapake. Chimodzimodzi ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, mtima kugunda mothamanga asanagwe, kapena ngati pabanja pali wina amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono. Pakamwa pakapindika, dzanja kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, mawu akamatuluka osamveka, munthu akachedwa kutsitsimuka kapena akadzuka ali wosokonezeka kwa nthawi yaitali, musadikire kuti kuche. Kwa owerenga ena amene akadali pamsinkhu wobereka, mayi amene wadumphitsa mwezi, akumva kupweteka m'munsi mwa mimba ndipo akuchita chidima akaimirira, akhoza kukhala ndi mimba yomera kunja kwa chiberekero yomwe ikutaya magazi mkati, ndipo apo ola lililonse ndi lofunika. Ngati amayi anu anamenyetsa mutu pogwa paja, muwayang'anire kwa masabata angapo, chifukwa mwa okalamba magazi akhoza kusonkhana pang'onopang'ono m'mutu n'kuonekera mochedwa ngati litsipa losatha, kugonagona kapena kusintha khalidwe.

Podikira kuonana ndi dokotala, kadzukidwe kasinthe. Pamkeka n'povuta kuposa pabedi, chifukwa munthu amachoka pansi penipeni n'kuimirira nthawi imodzi, choncho ayambe akhala tsonga kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, agwedeze mapazi ndi kufinya akatumba, agwade, kenaka aimirire atagwira khoma kapena mpando, ndipo asayambe kuyenda mpaka maso atayera. Usiku pakhale tochi pafupi ndi chidebe chokodzeramo m'chipinda momwemo. Chizungulire chimakulanso akangotha kudya nsima yambiri, popeza magazi amapita kumatumbo, komanso akasamba madzi otentha kwambiri. Chidima chikayamba ali chiimire, akhale kapena agone pansi pomwepo osalimbana nacho.

Akadzakomokanso, muwagoneke chagada n'kukweza miyendo yawo pampando kapena pamtsamiro, mumasule zothina, ndipo muone ngati akupuma bwino. Musawadzutse kuti akhale tsonga, chifukwa kutero kumachotsanso magazi kuubongo, ndipo musawathire madzi, fanta kapena phala m'kamwa asanatsitsimuke bwinobwino, chifukwa zikhoza kulowa m'mapapo. Akasanza, muwatembenuzire chammbali. Ngati alinso ndi shuga ndipo amamwa mankhwala ake kapena kubaya insulini, yezani shuga nthawi yomweyo ngati makina alipo, ndipo akatha kumeza muwapatse chotsekemera, popeza kutsika kwa shuga sikutha ndi kugona pansi kokha.