Zidzolo za chikuku zimayambira kumutu

"Mwana wanga wa miyezi 11 watentha thupi masiku anayi, akutsokomola, maso afiira. Lero ndaona tizidzolo kuseri kwa makutu. Katemera wa miyezi 9 tinamuphonya tili kumudzi. Anzanga kuno ku Mchengautuwa akuti ndi katsabola, ndingodikira. Nditani?"

Mayi, musadikire. Muberekeni mwanayo mupite naye kuchipatala lero lomwe, chifukwa ndondomeko imeneyi ndi ya chikuku.

Chikuku chimayamba ngati chimfine choopsa, ndipo zidzolo zimabwera pambuyo, patapita masiku atatu kapena anayi. Zimatulukira kuseri kwa makutu ndi pamphumi m'malire mwa tsitsi, kenako n'kutsika pang'onopang'ono kukhosi, pachifuwa, mpaka kumapazi pamasiku ngati atatu. Pakhungu lathu lakudali kufiira sikuoneka bwino, choncho mutulutseni panja powala ndipo musisiteni ndi dzanja, mudzamva kukhakhala. Mulibe madzi m'zidzolo zimenezi. Suzumiraninso m'kamwa: m'kati mwa masaya mumatha kupezeka timadontho toyera ngati mchere, ngakhale timazimiririka msanga zidzolo zikangotuluka.

Katsabola ndi wosiyana. Amatulutsa matuza okhala ndi madzi, oyabwa kwambiri, ochuluka pamimba ndi kumsana, ndipo ena amauma pomwe ena akutuluka kumene. Palinso matenda ena a makanda omwe thupi limatentha masiku atatu, kenako likazizira m'pamene zidzolo zimaoneka, mwana n'kuyamba kusewera. Pa chikuku zidzolo zimatuluka thupi lili moto, mwana ali wofookeratu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zotsatira zake. Chikuku chimagwetsa chitetezo cha m'thupi, ndiye chibayo ndi kutsegula m'mimba zimalowerapo, ndipo zimenezi ndi zomwe zimapha ana. Chimadyanso vitamini A, maso n'kuchita zilonda mpaka khungu. Mankhwala opha kachilombo kake kulibe, koma kuchipatala amapereka vitamini A tsiku loyamba ndi lotsatira, amamvetsera chifuwa, ndipo amayeza malungo, omwe angabisale pansi pa kutentha komweko. M'maso musathiremo mankhwala azitsamba ayi, ndipo pitirizani kuyamwitsa.

Mukafika kuchipatala cha Mapale, musakhale pamzere wa sikelo. Uzani namwino pakhomo pomwe kuti mukuganizira chikuku, chifukwa mwana amapatsira anzake kuyambira masiku anayi zidzolo zisanatuluke mpaka masiku anayi zitatuluka, ndipo kachilomboka kamatsala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri. Tengani mabuku a kuchipatala a ana onse a pakhomo panu. Wosabayitsa akalandira katemera pasanathe maola 72 chikhudzanirane ndi wodwala, akhoza kutetezeka.

Akayamba kupuma mothamanga nthiti zikulowa m'kati, kukana bere, kusanza chilichonse, kukomoka kapena kugona osadzutsika, pitani kuchipatala chachikulu cha Mzuzu Central ngakhale pakati pa usiku. Akachira, funsani a zaumoyo za katemera amene anaphonyayo ndi wa miyezi 15.