Manambala akugwirizana, koma yankho n'lolakwika

"Ndathira HCl wa 0.100 M pa 25.0 cm³ ya NaOH katatu, ndapeza 23.90, 23.95 ndi 23.85. Aphunzitsi akuti timayenera kupeza 25.00. Ndabwerezanso, sizikusintha. Kodi n'cholakwika cha randomu kapena cha sisitematiki? Ndine wa Fomu 4 kuno ku Zomba."

Yambani mwayang'ana manambala anu atatuwo paokha, musanawayerekeze ndi la aphunzitsi. Lalikulu ndi laling'ono akusiyana ndi 0.10 cm³ basi. Dontho limodzi lotuluka m'byureti ndi pafupifupi 0.05 cm³, ndiye kuti mwasiyana madontho awiri. Chimenecho ndiye cholakwika cha randomu: ulendo uno dontho lapitirira, ulendo wina latsala, diso lawerenga mzere mosiyanako pang'ono. Chimagwera uku ndi uku, n'chifukwa chake mukabwereza kangapo n'kutenga avereji chimachepa. Dzanja lanu lili bwino.

Tsopano avereji yanu, 23.90, yaperewera ndi 1.10 cm³ kuti ifike pa 25.00. Amenewo ndi madontho oposa 20, ndipo onse akukokera kumodzi, kumunsi. Palibe diso lophonya madontho 20 mofanana katatu konse. Ichi n'cha sisitematiki, ndipo ngakhale mutabwereza mpaka dzuwa kulowa mudzangopeza 23.9 yemweyo. Zimandipweteka kuona ana akulemba mu lipoti kuti "tikanabwereza kambiri" ngati mankhwala a vuto lililonse. Kubwereza sikukonza chinthu chimene chalakwika m'botolo.

Chokuthandizani kwambiri n'kufunsa kuti cholakwikacho chalowera kuti. Asidi wanu wachepa, choncho mwina m'fulasiki munali NaOH wochepa kuposa amene mukuganiza, kapena asidiyo ndi wamphamvu kuposa zolembedwa pabotolo. Zonse zimene zimachulukitsa nambala zichotseni pamndandanda: mpweya wotsala kukamwa kwa byureti, byureti yotsukidwa ndi madzi okha, kupitirira pamene mtundu wasinthira. Madzi otsala m'fulasiki nawo alibe mlandu, chifukwa sasintha mamolo amene pipeti yathiramo. Ndipo kuwerenga pamwamba pa khonyo la madzi m'malo mwa pansi pake, ngati mwatero poyamba ndi pomaliza pomwe, kumathana kokha pochotsera. Ambiri amalemba chimenechi osaganiza.

Ine ndikukayikira NaOH. Timibulu take timakoka chinyezi mumpweya, moti mukatisiya pasikelo timayamba kunyezimira n'kumamatira, makamaka nyengo ya mvula ino pamene nkhungu yatsika kuchoka kuphiri. Kuti mupange lita imodzi ya 0.100 M mumayeza 4.00 g. Ngati 0.176 g mwa imeneyo ndi madzi, mphamvu yeniyeni ndi pafupifupi 0.0956 M, ndipo 23.90 yanu ikupereka nambala yomweyo:

23.90 × 0.100 ÷ 25.0 = 0.0956 M

Palinso china. Botolo likakhala losatseka bwino, NaOH amamwa CO₂ n'kusanduka Na₂CO₃. Apa indiketa imene mwagwiritsa ntchito ili ndi mawu. Fenofutalini amataya mtundu wake wa pinki kaboneti atangolandira theka la asidi amene akanalandira, ndiye nambala imatsika. Mefilo olenji amadikira mpaka kaboneti yense atatha. Choncho ngati munagwiritsa ntchito fenofutalini, thiraninso ndi mefilo olenji: nambala ikakwera kwambiri, mwagwira CO₂. Ikakhala pomwepo, ganizani za chinyezi, pipeti kapena asidi.

Mungasiyanitse bwanji zitatuzi? Funsani anzanu m'kalasi. Ngati onse akuzungulira pa 23.9, vuto lili m'mabotolo amene munagawana. Ngati muli nokha, n'la pabenchi panu, ndipo woyamba kumufunsa ndi pipeti. Ithireni madzi osungunulira mankhwala mpaka pamzere, muwatsanulire m'bika youma imene mwayeza kale. Pa 25 °C, 25.0 cm³ ya madzi imalemera pafupifupi 24.93 g. Mukapeza 23.8 g, mwina pipeti ndi yolakwika kapena mukuichotsa isanakhetse onse. Kadontho kotsalira kunsonga musakauzire, pipeti inapangidwa mowerengera kameneko.

Asidiyo muyeseni ndi Na₂CO₃ wouma, woumitsidwa mu uvuni n'kuziziritsidwa motsekera. Sungunulani 5.30 g kuti ikwane lita imodzi, mupeza 0.0500 M. Ndi mefilo olenji, 25.0 cm³ ya madzi amenewa iyenera kudya 25.0 cm³ ya HCl ngati alidi 0.100 M. Ikadya 23.9, asidi ndiye wamphamvu, pafupifupi 0.105 M, ndipo NaOH alibe mlandu.

Mu lipoti lembani ziwiri padera. Randomu: manambala asiyana ndi 0.10 cm³, molingana ndi malire a byureti. Sisitematiki: avereji yatsika ndi 1.10 cm³, omwe ndi 4.4%, kenako tchulani chimene mukuchiganizira, mbali imene chikukokera nambala, ndi momwe mungachiyesere. 23.90 yanuyo musaisinthe kuti ifanane ndi ya aphunzitsi.